Chilimba Chakale Chikayamba Kulira Chitalumikizidwa ndi Bluetooth

Karisiva ka Bluetooth ndi kachipangizo kakang'ono kamene kamalandira nyimbo kuchokera pafoni popanda waya, n'kuzisandutsa mphamvu yamagetsi yochepa imene ampulifaya yakale ingathe kuikuza. Kamafuna zinthu ziwiri zokha: magetsi a mavolti 5, amene nthawi zambiri amalowera pa USB, ndi waya wa mawu wopita kumbuyo kwa ampulifaya, pa timabowo ta RCA tofiira ndi toyera. Ambiri amene amakalumikiza pa chilimba cha m'zaka za m'ma 1970 kapena 1980 amapeza kuti nyimbo zikumveka ndithu, koma pansi pake pali kulira kosalekeza kwa "huuu", kumene kumamveka kwambiri nyimbo ikatha ina isanayambe.

Mlandu umagwera Bluetooth chifukwa ndiye wabwera kumene, koma kawirikawiri vuto silikhala m'mafunde ake. Mafunde a Bluetooth amayenda pa magigahezi 2.4, kutali kwambiri ndi zimene khutu limamva, ndipo nyimbo zimayenda m'mafundewo ngati manambala. Mafunde akasokonezeka, nyimbo imadukaduka kapena kuima kaye, siing'ung'uza. Kulira kosalekezako kumalowera m'mawaya, makamaka m'waya amene anthu samuganizira n'komwe, amene amisiri amamutcha ethi kapena gilaundi.

Kumene kulirako kumalowera

Waya wa RCA ali ndi mbali ziwiri. Pakati pali kawaya kamene kamanyamula mawu, ndipo kunja kwake kuli ulusi wa kopa wolukidwa, umene umathera pa chitsulo chozungulira pulagi. Ulusi wakunjawu umagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Umatchinga kawaya ka pakati kuti kasatole zosokoneza, komanso ndiwo ziro amene ampulifaya imayezerapo mawu. Ampulifaya imangoona kusiyana kwa mphamvu pakati pa kawaya ka pakati ndi ulusi wakunja, n'kukuza kusiyanako. Zili ngati sikelo ya pamsika: munthu akatsamiza chala pa mbale, muvi umayenda, ndipo sikeloyo singasiyanitse kulemera kwa chala ndi kulemera kwa nyemba. Magetsi alionse osochera amene adutsa mu ulusi wakunja amasuntha ziro uja, ndipo ampulifaya imawakuza ngati mbali ya nyimbo.

Kuti magetsi osochera adutsemo, pamafunika njira yoti alowere mbali ina n'kutulukira mbali ina. Karisiva kakalumikizidwa ku ampulifaya ndi waya wa mawu yekha, njira yoteroyo palibe. Koma kakakhala ndi njira yachiwiri yofikira ku ampulifayayo, kaya kudzera pa waya wa USB, mawaya a m'khoma kapena nthaka yeniyeniyo, njira ziwirizo zimapanga mkombero wotsekeka. Mkombero umenewu ndi umene amisiri amautcha gilaundi lupu. Magetsi amayendamo pa zifukwa ziwiri: malo awiri amene onse amatchedwa ethi sakhala pa mphamvu yofanana ndendende, ndiponso mkombero uliwonse wa waya umatola magetsi kuchokera ku thiransifoma kapena waya wa magetsi amene wayandikana nawo.

Kuchuluka kwa magetsi ofunika kuti vutoli limveke n'kochepa modabwitsa. Mwachitsanzo, ngati ulusi wakunja wa waya wotsika mtengo ukukaniza magetsi ndi maomu 0.2, ndipo mukudutsa mamiliampu 10, pakati pa nsonga zake ziwiri pamabadwa mamilivolti 2. Nyimbo ikamatuluka mu karisiva pa mamilivolti 200, kulirako kumakhala gawo limodzi mwa magawo 100 a nyimbo, ndipo m'chipinda chabata khutu limakumva bwinobwino. Voliyumu ya pafoni ikatsitsidwa mpaka nyimbo kufika pa mamilivolti 50, mwini chilimba amakweza voliyumu ya ampulifaya kuti amve, ndipo kulirako kumakwera nayo limodzi, tsopano kuli gawo limodzi mwa magawo 25. N'chifukwa chake kukweza voliyumu ya pafoni kufika chakumapeto n'kutsitsa ya ampulifaya kumachepetsa vutoli ngakhale kuti sikulithetsa.

Mtundu wa phokoso umaloza gwero

Magetsi a m'nyumba m'Malawi ndi a mavolti 230, ndipo amasinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi, kumene kumatchedwa mahezi 50. Phokoso la mkombero wa ethi limatsatira liwiro limenelo. Ndi lakuya, losalala, ndipo limachepa mabesi akatsitsidwa. Nthawi zambiri pamwamba pake pamakhala kazizi kakang'ono ka "zzz".

Phokoso lokwererapo pang'ono, la mahezi 100, lili ndi gwero lina. Limabadwira m'kati mwa ampulifaya, pamene magetsi a m'khoma amawongoledwa kuti aziyenda mbali imodzi. Makapasita akuluakulu ndi amene amasalaza magetsiwo, ndipo akakalamba amauma m'kati n'kuyamba kulephera. Pa chilimba cha zaka 40 zimenezi n'zosadabwitsa, ndipo karisiva kalibe nazo mbali.

Palinso phokoso lachitatu, losongoka, la "tswii" kapena la timikokomo ta "tiki-tiki" timene timasintha foni ikamalumikizana ndi karisiva kapena nyimbo ikaimitsidwa. Limeneli limachokera ku karisiva komweko kapena ku tchaja yake. Bluetooth imagawa nthawi m'zigawo 1,600 pa sekondi, ndipo kachipangizo ka m'kati kamakoka magetsi mobanika motsatira zigawozo. Magetsi obanikawa akapeza njira yobwerera kudzera mu ulusi wakunja wa waya wa mawu, amamveka m'masipika. Izi zimachitika kwambiri karisiva kakamadya magetsi kuchokera m'kati mwa ampulifaya yomwe kakuitumizira mawu, chifukwa pamenepo waya wa negetivu ndi waya wa mawu amapanga mkombero waung'ono m'bokosi limodzi.

Kufufuza mwadongosolo

Mfundo ya kafufuzidwe konse ndi yochotsa zonse kenako n'kubweza chimodzichimodzi, kumvetsera pa sitepe iliyonse. Asanazule kapena kulumikiza waya aliyense wa mawu, munthu amatsitsa voliyumu mpaka pansi, chifukwa pulagi ya RCA imagunditsa kawaya ka pakati ulusi wakunja usanagunde, ndipo kaphokoso ka nthawi imeneyo kangathe kuwononga sipika.

Choyamba kuyang'ana ndi bowo limene karisiva kalowetsedwa. Mabowo oyenera ndi olembedwa AUX, CD, TUNER kapena TAPE IN. Bowo lolembedwa PHONO ndi la galamafoni, imene imatulutsa mamilivolti ochepa chabe. Kuseri kwa bowo limeneli kuli gawo lokuza mawu pafupifupi maulendo 100 kuposa mabowo enawo, ndipo limakweza mabesi mwadala. Karisiva kakalowa pamenepo, nyimbo imasweka ndipo kulira kulikonse kumakula koopsa. Vuto limeneli limatha pongosamutsa waya.

Kenako mawaya onse olowa mu ampulifaya amazulidwa, kutsala masipika ndi waya wa magetsi basi. Ngati kulira kukumvekabe, ndipo sikusintha voliyumu ikakwezedwa kapena kutsitsidwa, matenda ali m'kati mwa ampulifaya, ndipo woyamba kukayikiridwa ndi makapasita aja. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri, popeza makapasita akuluakulu amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa kukhoma. Ampulifaya ikakhala chete, kapena ikangomveka kampweya kochepa voliyumu ili pamwamba, ndiye kuti ilibe mlandu.

Sitepe yotsatira ndiyo imagamula nkhani yonse. Karisiva kamalumikizidwa ku ampulifaya ndi waya wa mawu, koma magetsi ake amachokera pa pawabanki imene siili pa tchaja ndipo siikugunda chitsulo chilichonse. Pawabanki ilibe njira yopita kukhoma kapena kunthaka, choncho mkombero sungatsekeke. Phokoso likatha, ndiye kuti limalowera ku mbali ya magetsi a karisiva. Likapitirira, mkombero wa ethi si umene ukuvuta, ndipo maso ayenera kupita pa waya wa mawu, pa mabowo a ampulifaya, kapena pa malo amene karisiva kaikidwa. Kakakhala pamwamba penipeni pa thiransifoma ya ampulifaya kamatola kulira ngakhale mawaya onse ali bwino, ndipo kukasuntha masentimita 30 okha kumasintha zinthu nthawi yomweyo. Mapawabanki ena amadzizimitsa okha akaona kuti chimene chalumikizidwa chikukoka magetsi ochepa, koma masekondi ochepa amene amakhala oyaka ndi okwanira kumvetsera.

Mabowo a RCA a chilimba chakale afunika kuwaganizira mwapadera. Chitsulo chake chakunja chimachita dzimbiri kapena kuda pakapita zaka, ndipo pulagi yomasuka siigwira bwino. Pamenepo maomu 0.2 aja amatha kusanduka maomu ambirimbiri, ndipo magetsi osochera amene kale sankamveka amayamba kumveka. Chizindikiro chake n'chakuti phokoso limasintha pulagi ikapotozedwa kapena kukanikizidwa, kapena limamveka sipika imodzi yokha. Kupukuta mabowowo ndi kansalu konyowetsedwa ndi sipiriti, chilimba chili chozula kukhoma, ndiponso kufinya pang'ono chitsulo cha pulagi kuti chigwire zolimba, kumathetsa milandu yambiri imene anthu amaiyesa yovuta.

Chitsanzo cha pabalaza

Chitsanzo chofala ndi cha ampulifaya ya pulagi ya mano atatu imene yaikidwa pansi pa kanema. Chifukwa soketi zatha, karisiva kapatsidwa magetsi kuchokera pa USB ya kumbuyo kwa kanemayo. Kanema walumikizidwa ku dikoda ndi waya wa HDMI, ndipo dikoda yalumikizidwa ku dishi ya padenga. Chilimbacho chinali chabata zaka zonse chikuimba makaseti, koma tsopano chikulira, ndipo kulirako kumakwera ndi voliyumu.

Pofufuza, ampulifaya payokha yapezeka yabata. Karisiva kali pa pawabanki, bata likupitirira. Waya wa USB atangobwezeredwa pa kanema, kulira kwabwerera, ngakhale foni isanalumikizidwe n'komwe. Apa zadziwika kuti njira yachiwiri ikudutsa pa kanema, koma sizinadziwike kumene ikuthera. Ndiye mawaya a kumbuyo kwa kanema ndi dikoda akuzulidwa limodzilimodzi, zipangizozo zikuzimitsidwa kaye nthawi iliyonse. Waya wa dishi atachotsedwa, kulira kwakuya kuja kwatha, kwatsala kazizi kochepa.

Mkombero wonse tsopano ukuoneka. Ukuyambira pa bokosi lachitsulo la ampulifaya, kutsika ndi dzino la ethi la pulagi, kudutsa m'mawaya a m'khoma mpaka pa chitsulo chokhomedwa pansi kunja kwa nyumba. Kuchoka apo ukudzera m'nthaka ndi m'khoma kukafika pa dishi, kutsika ndi ulusi wakunja wa waya wa dishi, kulowa mu dikoda, mu HDMI, mu kanema, mu USB, mu karisiva, n'kubwerera ku ampulifaya kudzera mu waya wa RCA. Zigawo zonsezi zinalipo kale kupatula chimodzi. Karisiva kangokhala mlatho womaliza umene walumikiza chilimba ndi kanema, ndipo n'chifukwa chake vutolo laoneka ngati labwera ndi iko.

Kazizi kotsalako kali ndi gwero lake. Kanema, dikoda ndi tchaja za foni za masiku ano zili ndi kapasita kakang'ono kolumikiza mbali ya magetsi a kukhoma ndi mbali ya magetsi otuluka, kamene kanaikidwa kuti zipangizozo zisasokoneze mawailesi. Kudzera pa kapasita kameneka pamadontha magetsi ochepa kwambiri, osafika miliampu imodzi, amene amafunafuna njira yopita ku ethi. Ndi omwewa amene amachititsa kuti foni ya chitsulo izimveka ngati ikunjenjemera m'manja ikakhala pa tchaja. Akapeza ampulifaya ya ethi, amadutsa mu waya wa mawu kuti akafikeko. Kunena mosamala, umenewu si mkombero wa ethi weniweni, koma umamveka mofanana ndipo umachizidwa mofanana.

Amene ali ndi mita yoyezera magetsi angathe kutsimikizira njira zimenezi popanda kutsegula bokosi lililonse. Zipangizo zonse zikazulidwa kukhoma, mita imaikidwa poyeza maomu. Nsonga imodzi ikagunda chitsulo chakunja cha bowo la RCA ndipo ina ikagunda dzino lalitali la pulagi ya ampulifaya, nambala yochepera omu imodzi kapena ya maomu ochepa imasonyeza kuti ziro wa mawu ndi wolumikizidwa ku ethi. Pa karisiva, kuyeza pakati pa chitsulo cha USB ndi chitsulo chakunja cha potulukira mawu kumapereka pafupifupi ziro pa timarisiva tambiri totsika mtengo, umboni wakuti magetsi olowera ku USB ali ndi msewu wotseguka wopita ku ampulifaya.

Kudula mkombero

Njira zonse zothetsera vutoli zimachita chimodzi mwa zinthu ziwiri: kudula mkombero pamalo otetezeka, kapena kuchepetsa magetsi oyendamo. Pa chitsanzo cha pabalaza chija, yankho ndi kuchotsa karisiva pa USB ya kanema n'kukapatsa tchaja yakeyake, yolumikizidwa pa ekisitenshoni imodzi ndi ampulifaya. Matchaja amasiyana kwambiri pa phokoso limene amatulutsa, ndipo palibe chizindikiro cha pabokosi chimene chimaneneratu. Kuyesa matchaja atatu kapena anayi a m'nyumba momwemo kumathandiza kuposa kugula yatsopano mongoganizira. Adaputa yakale yolemera, ya thiransifoma yeniyeni m'kati, imakhala yabata kuposa matchaja opepuka, koma iyenera kukhala yotulutsa mavolti 5 okhazikika. Adaputa zambiri zakale zimatulutsa mavolti oposa olembedwa zikakhala kuti sizikukokedwa kwambiri, ndipo zingathe kuotcha karisiva.

Tchaja ina ikalephera, pali kabokosi kamene kamaikidwa pakati pa waya wa mawu, kogulitsidwa m'mashopu a zoimbira za m'galimoto, kamene amakatcha aisoleta. M'kati mwake muli timathiransifoma tiwiri, kamodzi ka sipika yakumanzere, kena ka yakumanja. Mawu amawoloka kuchoka pa koyilo ina kupita pa inzake kudzera mu mphamvu ya maginito, popanda waya wolumikiza mbali ziwirizo, motero magetsi osochera amasowa podutsa. Kabokosika kamagwiradi ntchito, koma kali ndi mtengo wake pa kamvekedwe. Timathiransifoma tating'ono totsika mtengo timafooketsa mabesi akuya ndipo timasokoneza mawu nyimbo ikakwera kwambiri, zimene zimamveka pa masipika akuluakulu a chilimba chabwino. Ndi bwino kukaona ngati njira yachiwiri, osati yoyamba, ndipo kasagonekedwe pafupi ndi thiransifoma ya ampulifaya, chifukwa nakonso kamatola kulira.

Amene aika karisiva m'kati mwa ampulifaya, n'kukadyetsa magetsi a momwemo, amathandizidwa kwambiri podula mkombero ku mbali ya magetsi. Kachipangizo kodziwika pa ntchitoyi n'kolembedwa B0505S-1W. Kamalandira mavolti 5 n'kutulutsa mavolti 5 ena amene negetivu yake siigundana ndi yolowa, ndipo kamatha kupereka mpaka mamiliampu 200, okwanira timarisiva tambiri. Kamafuna kapasita kumbali yolowa ndi ina kumbali yotuluka, ndipo kakamakokedwa mochepera gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake, mavolti otuluka amakwera kupitirira 5. Cholakwika chofala ndi kulumikizanso negetivu yotuluka ku bokosi la ampulifaya ndi waya wina, zimene zimabwezeretsa mkombero uja. Karisiva kayenera kugunda ziro wa ampulifaya pamalo amodzi okha, kudzera pa waya wa mawu.

Pali njira imodzi imene imathetsadi kulira koma siyenera kuchitidwa: kudula waya wa ethi m'pulagi ya ampulifaya kapena kuthyola dzino lake. Waya ameneyu alipo kuti waya wamoto ukagunda bokosi lachitsulo m'kati, magetsi athamangire pansi n'kudula fyuzi kapena bulekala. Akachotsedwa, bokosi lonse likhoza kukhala pa mavolti 230 popanda chizindikiro, ndipo njira yotsala yopita pansi ndi waya wopyapyala wa RCA kapena munthu wogwira batani la voliyumu. Pa chipangizo chimene mawaya ake a m'kati akalamba zaka makumi angapo, ngozi imeneyi si yongopeka. Kasikuluwu kolembedwa GND kumbuyo kwa ampulifaya nakonso si kolowa m'malo mwa ethi yachitetezo, kanaikidwa kuti kalandire waya wa galamafoni. Maampulifaya ena akale anapangidwa ndi waya wa magetsi wa nsonga ziwiri zokha, ndipo amenewo sayenera kuwonjezeredwa ethi mwachisawawa, chifukwa kutero nthawi zina kumapanga mkombero umene kunalibe.

Kulira kumene kumangobwera magetsi akazima, chilimba chikamayendera inveta, kuli ndi chifukwa china. Mainveta otsika mtengo amatulutsa magetsi osintha mbali modumpha osati mosalala, ndipo kudumphako kumadutsa m'thiransifoma ya ampulifaya n'kumveka ngati kazizi kakuthwa, nthawi zina thiransifomayo n'kumanjenjemera m'bokosi. Mayeso a pawabanki amasiyanitsanso zimenezi: ngati phokoso likupitirira karisiva kali pa batire, kapena katazulidwa kumene, koma limatha magetsi a m'khoma akabwerera, gwero lake ndi inveta, ndipo aisoleta ya pa waya wa mawu singalichotse. Pamenepo chofunika ndi inveta yotulutsa magetsi osalala ngati a m'khoma.